Achimwene, mawu awa ndinanena liti?

Ine ndi alamu anga timanyamula katundu kuchokera kuno ku Joni kupita naye kumudzi. Iwo ndiwo amayendetsa lole, ine yanga ndi ntchito ya pansi: kuyankha foni, kukatenga katundu m'makomo mwa anthu pa kagalimoto kathu kakang'ono, kulemba m'buku ndi kulongedza. Katunduyo timamusunga payadi ina chakuno ku Turffontein mpaka lole itadzaza, kenako alamu amanyamuka kudzera ku Musina, Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, n'kukalowera pa Mwanza mpaka ku Limbe. Amene munatumizapo katundu mukudziwa mmene mtima umakhalira. Munthu akukupatsa firiji imene wakhala akuisungira ndalama miyezi yambirimbiri, popanda chikole chilichonse, wangodalira nkhope yako ndi zimene anthu ena amanena za iwe. N'chifukwa chake kasitomala akatithokoza timafunitsitsa anthu onse amve. Palibe cholakwika pamenepo. Ine ndinalakwitsa pa kanenedwe kake, ndipo ndikufuna ndikufotokozereni bwinobwino pamene ndinaphonya, chifukwa ndimaona anzanga ambiri, osoka, ometa, openta nyumba, akuchita zomwezo.

Panali mayi wina wogwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg, kwawo ku Mulanje. Anatipatsa firiji, zikwama ziwiri za zovala ndi katoni imodzi ya mapoto kuti zikafike kwa amayi awo. Ndinakatenga katunduyo Loweruka. Lole inadzaza mochedwerapo, inanyamuka Lachiwiri. Itadutsa Tete inavuta gudumu lakumbuyo, alamu anagona pamsewu masiku awiri kudikira chitsulo, mvula n'kuwapezanso pomwepo. Katundu anafika ku Limbe Lolemba la sabata inayo. Madzulo ake mayi aja ananditumizira uthenga wa mawu pa WhatsApp. Ndinausunga, ndipo ndikulemba monga momwe anayankhulira:

"Achimwene, ndimati ndikuthokozeni. Amayi andiimbira kuti firiji yafika, ayiyatsa ikugwira ntchito bwinobwino. Zoona tinayamba kuda nkhawa poti masiku anachulukirapo, koma chimene chinandisangalatsa n'choti nthawi zonse ndikaimba mumayankha, mumandiuza pamene galimoto ili. Katoni ija ya mapoto akuti inanyowa pansi, koma mapoto ndi mapoto, palibe chaonongeka. Mulungu akudalitseni, ulendo wina ndidzakufunaninso."

Ndinaumvera kawiri, mtima uli mbee. Sabata yonseyo ndinali ndikulandira mafoni a anthu okwiya, ndiye mawu amenewa anandifika pamtima. Usiku womwewo ndinatenga chithunzi chawo cha pa WhatsApp, n'kulemba dzina lawo lonse, pansi pake n'kuika mawu awa ngati kuti atuluka pakamwa pawo:

"Katundu wanga anafika ku Limbe m'masiku 4 okha, palibe chaonongeka ngakhale chimodzi. Awa ndiye matransipota nambala wani ku Joni konse!"

Ndinaika pa sitetasi, ndinaikanso m'magulu awiri a Amalawi pa Facebook.

Pa nthawiyo sindinkadziona ngati ndikunama, ndipo apa ndi pamene pali msampha. Chilichonse ndinali nacho chodzikhululukira. Masiku 4 ndi oona ndithu, lole ikayenda bwino kuchoka pa Turffontein kukafika ku Limbe imatenga masiku ngati amenewo. Mawu oti "palibe chaonongeka" ananenadi iwo. Zoti nambala wani, ndinkati munthu amene wakudalitsa ndi kulonjeza kuti adzabweranso ndiye kuti akukuyesa woposa onse. Ndinkati ndangokonza chabe, kuti zimveke bwino. Koma mukaika mauthenga awiriwo pambali ndi pambali muona kuti ndinachita zinthu zitatu zosiyana: ndinawaika m'kamwa nambala imene sananene, ndinadula mawu awo pamene anali ndi mchira wake, ndipo ndinawonjezera chiyamikiro chimene sichinachoke kwa iwo.

Sitetasi imazimirira pakatha maola 24, koma za m'magulu zija zimakhala. Lachisanu la sabata yomweyo anandiimbira bambo wina wa ku Rosettenville. Mwana wawo wamkazi anali ndi chinkhoswe ku Chirimba Loweruka la sabata yotsatira, ndipo anali atagula nsalu, mbale, nsapato ndi zokongoletsera. Anandiuza okha kuti aona umboni wa mayi uja, masiku 4, ndiye nthawi ilipo yokwanira. Ndikanatha kuwaongola pomwepo. Sindinatero, ndinangoti tiyesetsa bambo, n'kulandira ndalama.

Lolemba mayi aja anaimba. Mnzawo wa kutchalitchi anali atawaonetsa positi ija. Sanakalipe, ndipo mwina kukalipa kukanakhala bwino. Anangoti, "Achimwene, mawu awa ndinanena liti? Ine katundu wanga anatenga masiku naini. Anthu akundifunsa, ndiye ndiziwayankha chiyani? Ndiponso chithunzi changa munapempha kwa ndani? Abwana anga ali pa Facebook pomwepo." Ndinasowa pogwira. Ndinapepesa, ndinachotsa zonse nthawi yomweyo. Koma katundu wa chinkhoswe anali kale payadi. Lole inanyamuka Lachitatu, inayenda bwino popanda vuto lililonse, masiku 4 enieniwo, n'kufika Lamulungu, chinkhoswe chitachitika dzulo lake. Bambo aja ndinawabwezera theka la ndalama, koma tsiku la mwana wawo sindikanatha kulibweza. Mpaka lero tikakumana amangondipatsa moni wa patali.

Taonani pamene panagona vuto. Ine ndinkawerenga masiku kuyambira pamene lole yatuluka pageti. Kasitomala amawerenga kuyambira pamene katundu wachoka m'manja mwake. Kwa mayi aja, kuchokera Loweruka kukafika Lolemba la sabata inayo ndi masiku 9. Kwa alamu ulendo womwewo unali wa masiku 6, ndipo ulendo wabwino ndi masiku 4. Manambala onse atatu ndi oona, koma wowerenga umboni amaumva ndi makutu a kasitomala mnzake, ndiye nambala yoyenera kukhala pamenepo ndi 9. Ntchito iliyonse ili ndi nambala yotereyi. Telala amati diresi amasoka tsiku limodzi, kuiwala kuti nsaluyo inakhala pamzere milungu iwiri.

Mwana wa achemwali anga amaphunzira zamalamulo kuno, ndiye nditamufotokozera anandiuza kuti nkhaniyi si ya ulemu wokha. Lamulo loteteza ogula la dziko lino, Consumer Protection Act la 2008, pa gawo 41 limaletsa wogulitsa kunena zabodza kapena zosocheretsa, ndipo limatchula ngakhale kukokomeza ndi kubisa mfundo yofunika. Kuika mawuwo m'kamwa mwa kasitomala sikukupulumutsa, chifukwa wofalitsa ndiwe. Za dzina ndi chithunzi, pali lamulo loteteza zinsinsi za munthu lotchedwa POPIA, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julaye 2021. Nambala ndi dzina la mayi aja ndinapatsidwa kuti ndiwatumizire katundu, osati kuti nditsatsire malonda, ndiye kuzigwiritsa ntchito ina kumafuna chilolezo chawo. Palibe amene anandisumira. Koma kwa ife obwera, kuika nkhope ya munthu, dzina lake ndi dera limene amagwira ntchito pagulu popanda kumufunsa kungathe kumuika m'mavuto amene iwe sukuwadziwa n'komwe, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa za malamulozo.

Patapita milungu iwiri ndinawaimbiranso mayi aja. Ndinati, "Mayi, ndinakulakwirani. Koma mawu amene munanena aja anali abwino paokha. Mungandilole ndiwalembenso monga momwe munanenera, ndikutumizireni muone kaye, mukakana zithere pomwepo?" Anakhala chete pang'ono, kenako anati tumizani tione.

Choyamba chimene ndinachita ndi kukhala pansi ndi buku, kumvera uthenga uja pang'onopang'ono, kuimitsa, kulemba liwu ndi liwu. Zimaoneka ngati kutaya nthawi pa uthenga wosakwana mphindi imodzi, koma kukumbukira kumanyenga. Ukamva munthu akukutamanda, mutu umasunga kukoma kwake, mawu enieniwo n'kuwataya, ndipo polemba umadzaza mipata ndi zimene umalakalaka akananena. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo tsiku loyamba lija kandimverere anali mtima wanga womwe. Nditalemba papepala ndinadabwa kuona kuti chimene mayi aja anayamikira kwambiri sichinali liwiro ayi. Anayamikira kuti ndimayankha foni. Ndicho chinthu chokhacho anachitchula kuti chinawasangalatsa, ndipo mu positi yanga yoyamba munalibe n'komwe. Ndinataya chenicheni chimene anandipatsa pofuna chimene sanandipatse.

Kenako ndinayamba kudula, chifukwa kudula n'kololedwa. Palibe amene angawerenge uthenga wonse ndi moni wake. "Achimwene, ndimati ndikuthokozeni" ndinachotsa. "Amayi andiimbira kuti" ndinachotsa. "Mulungu akudalitseni" ndinachotsa, poti dalitsolo linali langa, osati la malonda. Pa chidutswa chilichonse ndinkadzifunsa funso limodzi: ndikachotsa ichi, wowerenga ayembekezera zabwino kuposa zimene mayi awa anapeza? Moni ukachoka palibe chimasintha. Koma "tinayamba kuda nkhawa poti masiku anachulukirapo" akachoka, wowerenga aganiza kuti ulendo unayenda mosalala, pamene sunatero. Ndiye amenewo anayenera kukhala.

Pamene tinakanganapo ndi alamu ndi pa katoni ya mapoto. Iwo ankati, "Alamu, inu mukufuna kuuza dziko lonse kuti katundu amanyowa m'lole mwathu? Siyani zimenezo, ingotengani poti palibe chaonongeka." Ndinawamvetsa, chifukwa iwo ndi amene anagona pamvula kuteteza katundu wa anthu. Koma tawerenganinso chiganizo cha mayi aja. "Palibe chaonongeka" sakunena za katundu yense wa m'lole, ndiponso sakunena kuti katundu sanyowa. Akunena za mapoto, amene anapulumuka chifukwa ndi achitsulo. Mukanakhala mabuku a sukulu kapena ufa, nkhani ikanakhala ina. Mawu awiriwo ndi oona, ndi awo ndithu, koma ukawazula pamalo pake amanena chinthu chachikulu kuposa chimene mwini wake ankatanthauza. Uku ndiye kukokomeza kovuta kukuzindikira, chifukwa sunawonjezere liwu ngakhale limodzi. Ndinawauza alamu kuti njira ndi ziwiri zokha: titenge chiganizo chonse ndi katoni yake yonyowayo, kapena tichisiye chonse. Kutenga theka lokoma lokha ayi. Tinagwirizana kutenga chonse, ngakhale iwo anavomera monyinyirika.

Za masiku, mayi aja mu uthenga wawo sanatchule nambala. Ndiye nambala sinayenera kulowa m'mawu awo, ngakhale yoonayo. Ndinaiika pansi, padera, monga mawu anga, nditayang'ana m'buku tsiku limene ndinatenga katundu ndi tsiku limene amayi awo anasainira ku Limbe. Ichi ndachigwiritsa kuyambira pamenepo: za kasitomala zikhale mkati mwa zizindikiro za mawu ogwidwa, zanga zikhale kunja, kuti aliyense aone amene akuyankhula. Ngati ndikufuna kunena kuti ndife akatswiri, ndinene ndekha ndi pakamwa panga, anthu adziwe kuti ndi mwini malonda akudzitama.

Zimene ndinawatumizira kuti aone zinali izi:

"Firiji yafika, ayiyatsa ikugwira ntchito bwinobwino. Tinayamba kuda nkhawa poti masiku anachulukirapo, koma chimene chinandisangalatsa n'choti nthawi zonse ndikaimba mumayankha, mumandiuza pamene galimoto ili. Katoni ija ya mapoto inanyowa pansi, koma mapoto ndi mapoto, palibe chaonongeka. Ulendo wina ndidzakufunaninso."

Pansi pake ndinalemba mawu anga: kuti katunduyu anachoka ku Joni kupita ku Limbe, mwezi wakuti chaka chakuti, kuti anatenga masiku 9 kuchokera tsiku limene tinamulandira, kuti masiku 2 mwa amenewo lole inawonongeka panjira, ndiponso kuti timayamba tadikira lole idzaze tisananyamuke, choncho amene ali ndi tsiku loikika atiuze tisanalandire katundu.

Ndinawafunsa zinthu zitatu, chilichonse pachokha: ngati mawuwo ali momwe ananenera, dzina liti lilembedwe, ndi malo amene ndingaike. Chilolezo cha chimodzi si chilolezo cha zonse. Anayankha kuti mawu ali bwino, koma anandigwira pa chinthu chimodzi. Ndinali nditachotsa liwu loti "akuti" pa katoni ija. Anati, "Ine sindinaione katoniyo, ndinangomva kwa amayi. Bwezeranipo." Ndinabwezera, ndipo ndinabwezeranso "Amayi andiimbira kuti" kumayambiriro, chifukwa anali kunena zoona: firijinso sanaione ndi maso awo. Kaliwu kamene ine ndinkati n'kongodzaza malo, kwa iwo kanali kosiyanitsa zimene aona ndi zimene amva. Pa dzina anati ndingolemba kuti mayi wa ku Mulanje, Randburg ndisatchule, chithunzi ayi. Pa malo anati sitetasi ndi tsamba lathu zili bwino, koma gulu limodzi la pa Facebook anakana, poti muli abale awo amene sankafuna adziwe kuti atumiza firiji kumudzi. Zimenezo sindikanazilota. Yankho lawo ndinapempha kuti alilembe, osati pafoni pokha, ndipo ndinalisunga pamodzi ndi uthenga wa mawu uja. Ndinawauzanso kuti tsiku lililonse akasintha maganizo angondiuza, ndichotsa.

Mmalo mwa nkhope yawo ndinaika chithunzi cha firiji yomweyo titaikulunga payadi, nditaphimba pepala limene timamata lokhala ndi dzina ndi nambala ya wolandira. Apa ndichenjeze anzanga okonda kujambula sikirini ya WhatsApp n'kuponya pomwepo. Zimaoneka zokhulupirika, inde, koma pamwamba pamakhala nambala ya munthu ndi nkhope yake, ndipo nthawi zina uthenga wam'mbuyo umaonetsa adiresi kapena ndalama zimene analipira. Kukhwatcha ndi chala mothamanga nthawi zambiri kumasiya manambala akuoneka. Dulani chithunzicho, muchikulitse muone bwino musanatumize.

Mwezi ndi chaka ndimalemba chifukwa umboni umakalamba. Mawu amene munthu ananena tili ndi lole ina, mitengo ina, nyengo yopanda chipwirikiti, sangaimire ulendo wa mu Disembala pamene aliyense akutumiza katundu ndipo mizere ya m'maboda ndi yaitali. Ndimaona ena akubwereza uthenga umodzimodzi chaka ndi chaka ngati wabwera dzulo. Chinanso, pali chizolowezi chouza kasitomala kuti ukandilembera mawu abwino ndikuchotsera R100. Ine ndinasiya. Munthu amene walipidwa amalemba zokondweretsa wolipira, ndipo ngati wapatsidwa kanthu wowerenga ayenera kuuzidwa. Kupempha kokha kuti mundiuze mmene zayendera kulibe vuto, bola usamupatse mawu oti anene. Ndikafunsa sindinenanso kuti "katundu anafika msanga eti?" chifukwa Mmalawi mnzako, mwaulemu wake, angovomera kuti eya. Ndimafunsa kuti chinakusangalatsani n'chiyani, nanga chinakuvutani n'chiyani, n'kukhala chete.

Positi yachiwiriyo sinabweretse chikhamu cha anthu, ndisakunamizeni pamenenso ndikukamba za kusakokomeza. Amene anaichita chidwi anali ochepa kuyerekeza ndi yoyamba ija. Chimene chinasintha ndi mafunso a oimba foni. Mnyamata wina wa ku Cosmo City anayamba ndi kufunsa kuti lole yadzaza kufika pati, inyamuka liti, asanafunse n'komwe mtengo. Mayi wina anati ali ndi mabuku ndi matiresi, ndiye poti anawerenga za katoni yonyowa, tizikulunga bwanji. Tinakambirana, anagula yekha pulasitiki yokhuthala, tinakulunga limodzi pakhomo pake. Alamu ataona zimenezo anagula tenti yatsopano ya lole, ndipo makatoni tsopano timawaika pa mapaleti, osati pansi penipeni. Bambo wina amene ankafuna katundu akafike ukwati usanachitike ndinamuuza poyera kuti masiku asanu ndi limodzi amene atsala sindingalonjeze, akayese basi. Anapita, ndipo ndalama imeneyo inandidutsa.

Mayi a ku Mulanje aja anabweradi ulendo wina, ndi mbaula yamagetsi ndi njinga ya mdzukulu. Katunduyo atafika anatumizanso uthenga wa mawu, wautali kuposa woyamba uja, ndipo kumapeto kwake anaseka n'kunena kuti, "Awa musawaike paliponse achimwene, awa ndi anu." Uli m'foni mwanga mpaka lero, sindinauike.